Kulondola si kudziwa: funso la Gettier ndi zigamba zimene anthu ayesa kusokererapo

Munthu akatiuza kuti akudziwa chinthu, timayembekezera zinthu zitatu ngakhale sitizitchula. Chinthucho chiyenera kukhala choona, pakuti palibe angadziwe kuti mlatho ulipo pamene unakokoloka usiku. Munthuyo ayenera kuchikhulupirira iye mwini, osati kungobwereza mawu a ena mtima uli kwina. Ndipo ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka chochikhulupirira. Wolota kuti m'bale wake afika Lachisanu, m'baleyo n'kufikadi Lachisanu, timati walondola, koma sitinena kuti amadziwa. Mfundo yachitatuyi ndi imene imalekanitsa wodziwa ndi wongoganizira, ndipo akatswiri a filosofi ambiri ankaona ngati ikakwana pamodzi ndi ziwiri zinazo, nkhani yatha.

Gwero la maganizo amenewa ambiri amaliloza kwa Plato. M'buku lake lotchedwa Meno muli kukambirana za anthu awiri: wina akudziwa njira ya ku mzinda wa Larisa, wina akungoiganizira koma walondola. Onse awiri akhoza kukufikitsani. Nanga kudziwa kukuposa bwanji? Yankho la Socrates, woyankhula wamkulu m'bukulo, linali lakuti ganizo loona limathawa msanga ngati silinamangidwe, ndipo chingwe chake ndi kumvetsa chifukwa chimene chinthucho chilili choncho. Plato sanatseke nkhaniyi, pakuti m'buku lina, Theaetetus, anayesa tanthauzo lofanana ndi limeneli n'kulisiya wosakhutira nalo. Komabe pofika pakati pa zaka za m'ma 1900, akatswiri monga A. J. Ayer ku Britain ndi Roderick Chisholm ku America anali kulemba matanthauzo a kudziwa oyenda m'mapazi a mfundo zitatu zija.

Mu 1963, Edmund Gettier, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Wayne State mumzinda wa Detroit, anatulutsa nkhani yosakwana masamba atatu athunthu m'magazini ya Analysis. Mutu wake unali funso: kodi chikhulupiriro choona chokhala ndi chifukwa chomveka ndiye kudziwa? Gettier sanabweretse chiphunzitso chatsopano, anangofotokoza tinkhani tiwiri, ndipo koyambako n'kofunika kukamva bwinobwino, chifukwa zonse zimene zinatsatira zinachokera pamenepo.

Smith ndi Jones afunsira ntchito imodzi. Mkulu wa kampaniyo wauza Smith mosabisa kuti amene alembedwe ndi Jones. Smith yemweyo, mphindi 10 zapitazo, wawerenga makobili a m'thumba la Jones n'kupeza kuti alimo 10. Choncho ali ndi umboni wabwino wa zinthu ziwiri: kuti Jones ndiye apate ntchitoyo, ndi kuti Jones ali ndi makobili 10 m'thumba. Pophatikiza ziwirizi, Smith akuganiza kuti, munthu amene apate ntchitoyi ali ndi makobili 10 m'thumba. Palibe cholakwika ndi kaganizidwe kameneka. Koma zinthu zikutembenuka: ntchito ikupita kwa Smith, osati kwa Jones. Ndipo Smith, ngakhale sanawerenge, nayenso ali ndi makobili 10 m'thumba mwake.

Tiyeni tiyeze mfundo zitatu zija. Kodi n'zoona kuti wopata ntchito ali ndi makobili 10? Inde. Kodi Smith ankakhulupirira zimenezo? Inde. Kodi anali ndi chifukwa chomveka? Inde, mawu a bwana mwini ndi makobili amene anawerenga yekha. Zonse zakwana, koma palibe munthu wamaganizo abwino angati Smith ankadziwa. Umboni wake wonse unali wokhudza thumba la Jones, pamene chimene chinachititsa kuti mawu ake akhale oona chinali thumba lake lomwe, limene sanapisemo dzanja n'komwe. Chifukwa chake chinaloza kwina, choonadi chinachokera kwina, ndipo ziwirizi zinangokumana mwangozi m'chiganizo chimodzi.

Kankhani kameneka kamaima pa mfundo ziwiri zimene Gettier anazitchula poyera. Yoyamba n'njakuti munthu akhoza kukhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira chinthu chabodza, monga Smith ndi mawu a bwana aja. Yachiwiri n'njakuti ngati uli ndi chifukwa chomveka chokhulupirira chinthu, ndipo kuchokera pa chinthucho waganiza molondola n'kufika pa china, chifukwa chako chimakutsatira kufika pa chachiwiricho. Aliyense wofuna kuthawa Gettier pakhomo pomwe ayenera kukana imodzi mwa ziwirizi, ndipo zonse n'zovuta kuzikana. Kankhani kachiwiri ka Gettier, ka galimoto ya Ford ndi mnzake wa Smith amene anapezeka kuti ali ku Barcelona, kamayenda chimodzimodzi, choncho sindikhalitsapo.

Gettier sanali woyamba kuona mpata umenewu. Bertrand Russell, m'buku lake la mu 1948, analemba za munthu woyang'ana wotchi imene inaima, koma waiyang'ana pa nthawi yeniyeni imene mivi yake ikuloza. Ndipo kalekale, m'zaka za m'ma 700, katswiri wachibuda wa ku India, Dharmottara, anafotokoza za moto umene wangoyatsidwa kumene kuti awotchepo nyama. Utsi sunayambe kutuluka, koma fungo la nyama laitana gulu la tizilombo touluka. Munthu ali patali akuona mtambo wakudawo, akuyesa utsi, n'kunena kuti uko kuli moto. Motowo ulipodi. Chitsanzo cha Dharmottara ndimachikonda kuposa cha makobili chifukwa mulibe chachilendo: maso abwino, kaganizidwe kabwino, yankho loona, koma njira yofikira pa yankholo yathyoka pakati mwini wake asakudziwa. Chimene Gettier anachita ndi kuloza chitsanzo chotere pa tanthauzo lodziwika la kudziwa, pa nthawi imene anthu anali okonzeka kumva.

Chigamba choyamba chinabwera chaka chomwecho cha 1963, kuchokera kwa Michael Clark, ndipo ndi chimene munthu aliyense amayamba kuganiza. Smith anadutsa pa bodza, lakuti Jones ndiye alembedwe ntchito. Woona moto uja anadutsa pa bodza lakuti akuona utsi. Ndiye tiwonjezere mfundo yachinayi: chifukwa chako chisadalire chinthu chabodza. Zikumveka, koma lamuloli limakana zambiri zimene timazidziwadi. Tinene kuti mwawerenga alendo pa mwambo n'kupeza 41, pamene alipo 40 chifukwa wina anasuntha mpando n'kuwerengedwa kawiri. Mbale muli nazo 80, ndipo mukuti zikwana. Mwadutsa pa nambala yolakwika, koma kodi simukudziwa kuti mbale zikwana? Mukudziwa ndithu. Zifukwa zathu zambiri zimakhala ndi tizolakwika ting'onoting'ono totere, ndipo kanthu kalikonse kolakwika kakanamafafaniza kudziwa, tikanatsala ndi zochepa kwambiri. Vuto lina, lakuti lamuloli limalolanso zimene siliyenera kulola, tilipeza posachedwa.

Mu 1967 Alvin Goldman anayang'ana mbali ina. Iye anati vuto si bodza lapanjira, koma kuti choonadicho si chimene chinabala chikhulupirirocho. Makobili a m'thumba la Smith sanachite chilichonse kuti Smith aganize zimene anaganiza. Choncho kuti udziwe chinthu, chinthucho chiyenera kulumikizana ndi chikhulupiriro chako m'njira yoyenera, monga mtengo umene uli patsogolo pako umachititsa kuti uone mtengo. Ganizoli limagwira bwino pa zooneka ndi maso ndi pa zokumbukira, koma limavutika pa masamu, pakuti n'kovuta kunena kuti nambala 7 imachititsa chilichonse m'mutu mwa munthu. Goldman mwini anati akunena za zinthu zodziwika kudzera m'zochitika zokha. Koma chimene chinagwetsa ganizoli ndi chitsanzo chimene iye yemwe anafalitsa mu 1976, chomwe anthu amati anachiyambitsa ndi Carl Ginet.

Henry akuyendetsa galimoto kudera la minda, ali ndi mwana wake, ndipo akumutchulira zinthu za m'mbali mwa msewu: iyo ndi ng'ombe, iyo ndi thirakitala, ilo ndi balani. Balanilo ndi lenileni, kunja kukuwala bwino, maso a Henry ndi akuthwa. Chimene sakudziwa n'chakuti m'dera limenelo anthu aimika zikhoma zambiri zooneka ngati mabalani ukaziona uli pamsewu, koma kumbuyo kwake kulibe kanthu. Mwamwayi, limene waloza Henry ndi lenileni. Pano palibe bodza limene wadutsapo, choncho chigamba cha Clark sichikugwira. Balani lenilenilo ndi limene lachititsa kuti aone balani, choncho cha Goldman sichikugwiranso. Komabe akanaloza mphindi imodzi m'mbuyo kapena m'tsogolo, akanatchula chikhoma kuti balani ndi mtima wonse womwewo. Akatswiri ambiri anavomereza kuti Henry sakudziwa. Ndibwereranso kwa Henry, chifukwa ndikuona kuti nkhani yake si yofanana ndi ya Smith monga mmene ambiri anaitengera.

Keith Lehrer ndi Thomas Paxson, mu 1969, anayesa njira yachitatu. Iwo anati ukudziwa ngati palibe choona china chobisika chimene, utachimva, chingagwetse chifukwa chako. Smith akanamva kuti bwana wasintha maganizo, umboni wake wonse ukanagwa. Koma iwo eni anaona msampha wake, ndipo anaufotokoza ndi nkhani ya Tom Grabit. Mwamuona Tom, munthu amene mukumudziwa bwino, akuba buku mulaibulale. Kwina kumene simuli, amayi ake akuuza anthu kuti Tom ali kutali, ndipo amene anali mulaibulale ndi mnzake wamapasa, John. Mutamva zimenezi mukhoza kukayika. Koma amayiwo mutu wawo sukuyenda bwino, ndipo John kulibe, sanabadwepo. N'zoona kuti amayiwo analankhula mawu amenewo, ndipo mawuwo akanakusokonezani, komabe mukudziwa kuti wakuba ndi Tom. Choncho pafunika kusiyanitsa choona chogwetsadi umboni ndi choona chongosocheretsa, ndipo ntchito yolemba lamulo lochita zimenezo inabala matanthauzo ataliatali omwe aliyense anadzapezedwanso ndi chitsanzo chomutsutsa.

Robert Nozick, m'buku lake la mu 1981, anabweretsa funso losavuta kuligwiritsa ntchito: chinthuchi chikanakhala kuti si choona, kodi ukanachikhulupirirabe? Ngati yankho ndi inde, sukudziwa. Woyang'ana wotchi yoima uja, nthawi ikanakhala ina, akanawerengabe zomwezo. Henry, chikanakhala chikhoma, akanatibe balani. Funsoli limagwira zitsanzo zonse zimene taona, ndipo pa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi lothandiza kwambiri: kodi chipangizo changachi chikanandiuza zosiyana zinthu zikanakhala zosiyana? Koma nalonso limakana zambiri. Ernest Sosa anapereka chitsanzo cha munthu wokhala pamwamba m'nyumba yosanjikizana, amene waponya thumba la zinyalala m'paipi yotsikira pansi. Akudziwa kuti thumbalo lifika pansi. Likanakodwa panjira, zomwe sizichitikachitika, iye akanaganizabe kuti lafika. Mwa lamulo la Nozick, ndiye kuti sakudziwa, ndipo pamodzi ndi iye tonse sitidziwa chilichonse chimene tachisiya chikuchitika ife titatembenuka. Sosa, mu 1999, anatembenuza funsolo kuti likhale lakuti: kodi ukanalakwitsa mosavuta? Thumba silikodwa mosavuta, koma Henry akanalakwitsa mosavuta. Lamulo limeneli ndi labwinoko, kungoti aliyense akafuna kuyeza kuti mosavuta n'kufika pati, amapezeka akudalira zimene akuganiza kale za amene akudziwa ndi amene sakudziwa.

Patapita zaka pafupifupi 30 za kusoka ndi kung'ambika kotere, Linda Zagzebski analemba nkhani mu 1994 imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri pambuyo pa ya Gettier mwini. M'malo mowonjezera chigamba, iye anafotokoza chifukwa chake zigamba zimang'ambika. Tengani tanthauzo lililonse lonena kuti kudziwa ndi chikhulupiriro choona kuphatikiza chinachake. Ngati chinachakecho chikhoza kukhalapo pamene chikhulupirirocho ndi chabodza, ngakhale kamodzi pa kambirimbiri, ndiye kuti pali njira yopangira chitsanzo chotsutsa. Yambani ndi munthu amene wakwaniritsa zonse koma tsoka lamugwera, chikhulupiriro chake chakhala chabodza. Kenako onjezerani mwayi umene ukuchititsa kuti chikhale choona pa chifukwa china chosakhudzana ndi umboni wake. Tsoka ndi mwayi zafafanizana, mfundo zonse zakwana, koma kudziwa palibe.

Zagzebski anagwiritsa ntchito chitsanzo cha dokotala ndi mavairasi awiri. Ine ndiyesa njira yakeyi pa matenda amene ambiri a ife timawadziwa, kuti tione kuti nkhaniyi si ya m'kalasi mokha. Zipangizo zambiri zoyezera malungo mwachangu, zija amadonthezapo magazi a pachala, siziona tizilombo tenitenito. Zimagwira puloteni imene tizilombo ta malungo timatulutsa m'magazi, ndipo puloteni imeneyi ikhoza kukhalabe m'magazi kwa milungu ingapo munthu atachira. Komanso udzudzu ukaluma munthu, tizilombo timayamba tapita kuchiwindi, n'kukhala kumeneko pafupifupi mlungu umodzi tisanalowe m'magazi. Pa masiku amenewo munthu samva kudwala, ndipo chipangizocho sichingatione.

Tsopano tiyerekeze mwana amene anadwala malungo milungu iwiri yapitayo, anamwa mankhwala n'kuchira. Lero watentha thupi, ndipo amene wabwera naye kuchipatala ndi azakhali ake omwe za matenda oyamba aja sakuzidziwa, buku lakuchipatala latsala kunyumba. Dokotala akuona kutentha thupi, nyengo ndi yamvula, ndipo chipangizo chaonetsa mizere iwiri. Akukhulupirira kuti mwanayu ali ndi tizilombo ta malungo tamoyo m'thupi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Tsoka ndi ili: mizereyo yachokera ku puloteni yotsalira, ndipo kutentha thupiko kwayamba ndi chibayo chimene chikungoyamba kumene. Mpaka apa dokotala akukhulupirira chinthu chabodza ndi chifukwa chabwino. Tsopano onjezerani mwayi: masiku atatu apitawo udzudzu unamulumanso mwanayo, ndipo m'chiwindi mwake muli tizilombo tatsopano. Mawu a dokotala asanduka oona. Koma tizilombo timene tachititsa kuti akhale oona si timene tabweretsa mizere, ndipo si timene tatenthetsa thupi.

Apa m'pamene ndimaona kuti funso la Gettier lili ndi mtengo wake. Wina akhoza kunena kuti, dokotala walondola, china n'chiyani? China ndi chibayo chija. Chikhulupiriro choona chimene chalowera pakhomo lolakwika chimabwera ndi anzake abodza. Dokotala akuganizanso kuti wapeza gwero la kutentha thupi, choncho akhoza kusiya kumvetsera chifuwa cha mwanayo. Ndipo mwanayo akadzabweranso patapita masiku ali ndi malungo enieni, aliyense adzati dokotala anaona patali, motero njira yothyokayo idzayamikiridwa m'malo mokonzedwa. Pozindikirira pake ndi funso la Nozick lija: udzudzu wachiwiri ukanapanda kuluma, kodi chipangizo chikanaonetsa zosiyana? Ayi, chikanaonetsa mizere iwiri yomweyo. N'chifukwa chake dokotala wosamala amafunsa ngati wodwala wamwa mankhwala a malungo posachedwa, ndipo yankho likakhala inde, amadalira kuyang'ana magazi pa maikulosikopu, pamene tizilombo timaoneka tokha.

Mfundo ya Zagzebski imatisiya pa mphambano. Njira imodzi ndi kunena kuti chifukwa chomveka chiyenera kukhala chosalephera konse, chotsekeratu mpata wa bodza. Pamenepo Gettier alibe polowera, koma mtengo wake ndi waukulu, pakuti maso amanyengeka, chikumbukiro chimasokonezeka, mboni zimalakwitsa, ndipo palibe chipangizo cha kuchipatala chosaphonya. Tikanati palibe amadziwa dzina la agogo ake kapena tsiku limene anabadwa. Njira ina ndi kusiya kuona choonadi ndi chifukwa ngati katundu awiri oikidwa pambali pa mnzake, n'kufuna kuti tanthauzo lenilenilo linene za mfundo imene yawamanga pamodzi.

Sosa anatsata njira yachiwiriyi, makamaka m'buku lake la mu 2007, pogwiritsa ntchito woponya muvi. Poponya muvi pali mafunso atatu. Kodi walasa chandamale? Kodi waponya mwaluso? Ndipo kodi walasa chifukwa cha lusolo? Katswiri akhoza kuponya bwino, mphepo n'kupatutsa muvi, mphepo ina n'kuubwezera pa chandamale. Walasa, ndipo anaponya mwaluso, koma kulasako si kwa luso lake. Kudziwa, malinga ndi Sosa, ndi chikhulupiriro chimene chalondola chifukwa cha luso la mwini wake. Smith anaganiza mwaluso ndipo analondola, koma sanalondole chifukwa cha lusolo. Dokotala uja chimodzimodzi. Mwa mayankho onse, ili ndi limene ndimaliona kuti latchula nthenda yeniyeni, ndipo limathawa njira ya Zagzebski chifukwa munthu sangalondole mwa luso lake pamene sanalondole. Kufooka kwake kuli pa mawu akuti chifukwa cha. Luso liyenera kutenga gawo lalikulu bwanji? Mlendo akafunsa njira kwa munthu woyamba kukumana naye, n'kuuzidwa zoona, luso lalikulu ndi la woyankhayo, komabe timati mlendoyo tsopano akudziwa njira. Jennifer Lackey ndi amene anakankha mfundo imeneyi mwamphamvu, ndipo ndi yolemera.

Nanga Henry? Muvi wake sunapatutsidwe ndi mphepo iliyonse. Anayang'ana balani ndi maso abwino n'kuona balani. Duncan Pritchard anasiyanitsa mitundu iwiri ya mwayi pamenepa, ndipo kusiyanitsako kumathandiza. Pali mwayi wolowerera pakati pa munthu ndi choonadi, monga wa Smith, wa moto wa Dharmottara ndi wa dokotala uja. Palinso mwayi wa malo, pamene njira yako yofikira pa choonadi ili bwinobwino, kungoti waima pamalo pamene njira yomweyo ikanakunyenga mosavuta. Pritchard amati mitundu yonse iwiri imachotsa kudziwa. Sosa amalola kuti Henry ali ndi kudziwa kwapansi, konga kumene mwana kapena nyama imakhala nako poona chinthu, koma alibe kudziwa kwapamwamba kwa munthu amene akuzindikiranso kuti maso ake ndi odalirika pamalo amenewo.

Ena anafika pogwa mphwayi ndi ntchito yonseyi, koma Timothy Williamson, m'buku lake la mu 2000, anapereka chifukwa chenicheni chosiyira. Iye anati palibe chotikakamiza kuganiza kuti kudziwa kumaphwanyika m'zidutswa. Chinthu chofiira chili ndi mtundu, koma simungapeze kanthu kena koti mukaphatikiza ndi mtundu mupeze kufiira, osatchulanso kufiirako. Mwina kudziwa n'kotero: kumafuna choonadi, kumafuna chikhulupiriro, koma si zinthu zimenezi kuphatikiza chachitatu kapena chachinayi. Williamson amayambira pa kudziwa n'kumafotokozera zinazo, mpaka kunena kuti umboni wa munthu ndi zimene akudziwa. Ndikuvomereza kuti mwina tanthauzo lotseka mipata yonse silidzapezeka. Koma sindivomereza kuti zaka zonse za zigamba zinapita pachabe, chifukwa chigamba chilichonse chinatchula njira yeniyeni imene munthu amalondolera mwangozi: kudutsa pa bodza, kusalumikizana ndi gwero, choona chobisika, chipangizo chonena zomwezo zivute zitani. Amene amayeza mankhwala, kuweruza milandu kapena kulemba nkhani amakumana ndi zonsezi.

Patsala funso limodzi: tikamati palibe angati Smith ankadziwa, tikunena anthu ake ati? Mu 2001 Jonathan Weinberg, Shaun Nichols ndi Stephen Stich anafalitsa kafukufuku wosonyeza ngati ophunzira ochokera m'mabanja a ku Asia ankavomereza kawirikawiri kuti munthu wa m'nkhani ya mtundu wa Gettier akudziwa, kusiyana ndi anzawo achizungu. Zimenezi zinadzutsa nkhawa yakuti mwina nkhani yonseyi ndi chizolowezi cha anthu a chigawo chimodzi cha dziko. Koma ofufuza ena atabwereza sanapeze kusiyana kumeneko, ndipo kafukufuku wotsogoleredwa ndi Edouard Machery, momwe Stich yemweyo analimo, anapeza kuti anthu a ku Brazil, India, Japan ndi America ambiri amakana kuti munthu wotere akudziwa. Pa nkhani zofanana ndi ya mabalani zinthu zinatuluka mosiyana: anthu wamba ambiri akafunsidwa amati munthuyo akudziwa.

Kusiyana kumeneku kukugwirizana ndi mmene ine ndimaonera. Za Smith ndi za dokotala uja ndilibe chikayiko, sankadziwa, chifukwa chimene anagwira ndi chimene chinali choona ndi zinthu ziwiri. Za Henry ndili kumbali ya Sosa. Akauza mwana wake kuti ilo ndi balani, wamuuza chimene waona, ndipo mwanayo waphunzira chinthu choona kuchokera ku balani lenileni. Koma munthu wofuna kugula balani m'dera limenelo, amene akudziwa za zikhoma zija, sangatume Henry kuti akamusankhire ali pamsewu. Angamuuze kuti atsike galimoto, azungulire kumbuyo, aone ngati kuli makoma anayi ndi denga.